Mpando wa bwana ukatsala wopanda munthu, tikweze wathu kapena tilembe wakunja?

Manijala akangopereka kalata yosiya ntchito, nkhani imafika paliponse dzuwa lisanalowe, ndipo m'makhonde anthu amayamba kufunsana kuti alowe m'malo ndani. Ena amaloza wachiwiri wake amene wagwira ntchito pamalopo zaka zambiri. Ena amati pakufunika munthu wochokera kwina, wosadziwana ndi aliyense, kuti adzakonze zinthu. Eni kampani kapena abodi amakhala pakati, ndipo kawirikawiri amasankha mothamanga chifukwa manijala wolandira malipiro pamwezi amangoyenera kupereka notisi ya mwezi umodzi.

Chisankho chotere chimachitika kubanki, kusukulu yoyima payokha, kuchipatala cha mpingo, kubungwe lothandiza anthu, ngakhale kugolosale ya antchito khumi. Ambiri amayamba ndi kuyang'ana anthu, uyu kapena uyo, pamene funso loyamba limayenera kukhala la mpandowo: kodi mpando umenewu ukusowa chiyani panopa? Ngati zimene ukusowa zilipo kale m'kati, kukweza wam'kati n'kotchipa ndipo nthawi zambiri kumabala zipatso msanga. Ngati palibe, kapena ngati am'katiwo ndi mbali ya vuto limene likufunika kuthetsedwa, wakunja ndiye woyenera, ngakhale adule.

Zimene ofufuza anapeza

Mu 2011, Matthew Bidwell wa kusukulu ya zamalonda ya Wharton ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene akutchulidwabe kwambiri pankhaniyi. Anaunika mafayilo a antchito a nthambi ina ya banki yaikulu ya ku America, kuyambira 2003 mpaka 2009, n'kuyerekeza anthu amene anakwezedwa ndi anzawo amene analembedwa kuchokera kunja pamipando yofanana.

Anapeza kuti akunja ankalandira malipiro oposa a okwezedwa ndi pafupifupi 18 peresenti. Koma pakuunika kagwiridwe ka ntchito, akunjawo ankapeza mamalikisi otsika kwa zaka ziwiri zoyamba, ndipo pambuyo pake m'pamene ankafanana ndi anzawo. Analinso ndi mpata waukulu wochotsedwa ntchito, woposa wa okwezedwa ndi 61 peresenti, komanso ankasiya okha ntchito kawirikawiri. Chodabwitsa n'chakuti akunjawo anali ndi mapepala apamwamba ndiponso zaka zambiri zogwira ntchito kuposa okwezedwawo.

N'chifukwa chiyani munthu wa mapepala apamwamba ankatsalira? Yankho lagona pa zimene munthu amanyamula akamasamuka ndi zimene amasiya. Digiri ndi luso lowerengera ndalama amapita nazo kulikonse. Koma pali nzeru zina zimene zimagwira ntchito pamalo amodzi okha: kudziwa woti umuyimbire foni katundu akachedwa, kasitomala amene amalipira mochedwa koma sathawa, ndondomeko imene inalembedwa m'buku koma palibe amaitsatira, ndi imene sinalembedwe koma ukaiphwanya aliyense amakwiya. Wam'kati ali nazo kale izi. Wakunja amayenera kuziphunzira, ndipo akuziphunzira choncho malipiro akulandira athunthu.

Boris Groysberg wa ku Harvard anaona zofanana ndi zimenezi atatsatira akatswiri oposa 1,000 ounika misika ya ndalama ku America, omwe anali otchuka kuti ndi akadaulo. Ambiri akasamukira kukampani ina, ntchito yawo inkatsika kwa nthawi yaitali, koma amene anasamuka limodzi ndi anzawo ogwira nawo ntchito sanatsike chimodzimodzi. Ukadaulo wawo, mbali ina, unali m'gulu limene anali nalo.

Nanga malipiro amakweriranji? Munthu amene ali pantchito yabwino sasiya mpando wake kuti akalandire ndalama zomwezo pamalo amene sakuwadziwa. Amafuna kuwonjezeredwa chifukwa akutaya chitetezo. Komanso wolemba ntchito, posamudziwa munthuyo, amadalira mapepala, ndipo anthu a mapepala ambiri mtengo wawo ndi wokwera.

Tikumbukire malire a kafukufukuyu. Anachitika m'makampani akuluakulu a ku America, ndipo manambala ake sitingawatenge n'kuwaika pakampani ya ku Limbe kapena ku Mzuzu ngati lamulo. Koma chifukwa chake chimene akunja amachedwera kuzolowera chili ponseponse, ndipo kuno kwathu, komwe malonda ambiri amayenda pa kudziwana ndi kukhulupirirana, n'chosavuta kuchiona.

Wakhama si mtsogoleri nthawi zonse

Kukweza wam'kati kuli ndi msampha wake. Mu 1969, Laurence Peter analemba kuti anthu amakwezedwa chifukwa chochita bwino pampando umene ali, mpaka amafika pampando umene sangauthe, n'kukhazikika pomwepo. Kwa zaka zambiri anthu ankaitenga ngati nthabwala. Koma mu 2019, Alan Benson, Danielle Li ndi Kelly Shue anasindikiza kafukufuku wa antchito ogulitsa malonda m'makampani oposa 100 a ku America. Anapeza kuti amene ankagulitsa kwambiri ndi amene ankakwezedwa kukhala mamanijala, ndipo atakwezedwa, magulu awo ankachita moperewera poyerekeza ndi magulu otsogozedwa ndi anthu amene sanali akatswiri pogulitsa. Amene anali ndi mbiri yogwirizana ndi anzawo pa ntchito ndiwo ankakhala mamanijala abwinopo.

Kampani ikachita zotere imataya kawiri: yachotsa wogulitsa wabwino pamalo ake, n'kupeza manijala wofooka. Zimachitikanso kusukulu pamene mphunzitsi wokhozetsa ana masamu apatsidwa uhedimasitala, ntchito imene kwenikweni ndi ya bajeti, makolo, ndi kuweruza mikangano ya aphunzitsi. Udindo si mphatso yothokozera munthu. Ngati wina wagwira ntchito mokhulupirika zaka khumi, muonjezereni malipiro kapena mupatseni bonasi, koma mpando wa utsogoleri mupatseni pokhapokha mutaona kuti angathe kutsogolera.

Wam'kati amakhalanso ndi mtolo wina. Amene dzulo ankadya nawo nsima pamodzi, lero ayenera kuwalembera kalata yochenjeza akajomba. Si onse amene amatha kuwoloka pamenepa. Ena amalekerera anzawo kuti asadane nawo, ena amalusa mopitirira muyeso pofuna kuonetsa kuti tsopano ndi bwana.

Pamene wakunja ndiye woyenera

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pali nthawi zitatu pamene mawuwa amagwira ntchito pankhaniyi. Yoyamba ndi pamene ntchito ikufuna luso limene palibe aliyense m'kati ali nalo, ndipo nthawi yophunzitsa munthu palibe. Yachiwiri ndi pamene zinthu zavunda, mwina katundu akusowa kapena ndalama sizikulondolozeka, moti aliyense wam'kati ali ndi mnzake womuteteza. Yachitatu ndi pamene bungwe likufuna kusintha njira yonse, ndipo am'kati ndi omwe anamanga njira yakaleyo.

Chitsanzo chodziwika ndi kampani ya makompyuta ya IBM. Mu 1993, ikuluza ndalama zankhaninkhani, inalemba Lou Gerstner, munthu woyamba wochokera kunja kutsogolera kampaniyo. Iye anachokera ku RJR Nabisco, kampani ya mabisiketi ndi fodya, ndipo sanali katswiri wa makompyuta. Koma anali atakhalapo kasitomala wa IBM pamene ankagwira ntchito ku American Express, choncho ankaiona kampaniyo ndi maso a wogula. Anakana ganizo limene linalipo logawa kampaniyo m'tizidutswa, ndipo mu 1994 inayambanso kupanga phindu.

Kalumo komweko kakhozanso kucheka mwini. Chakumapeto kwa 2011, masitolo a J.C. Penney ku America analemba Ron Johnson, amene anatchuka pomanga masitolo a Apple. Atangofika anathetsa makuponi ndi zotsitsa mitengo zimene makasitomala a sitoloyo anazolowera, osayesa kaye m'masitolo ochepa. Malonda anatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi m'chaka chimodzi, ndipo mu Epulo 2013 anachotsedwa, n'kubwezeretsa amene analipo kale. Kusiyana kwa awiriwa kukuoneka: wina anayamba ndi kumvetsa wogula wa pamalo atsopanowo, wina anabwera ndi mankhwala a kumene anachokera.

Tiyese pa depoti imodzi

Tiyerekeze kampani yogulitsa feteleza ndi mbewu, imene likulu lake lili ku Lilongwe ndipo ili ndi depoti ku Kasungu ya antchito 14. Manambala onse apa ndi ongoyerekeza, kuti tione mmene masamu ake amayendera. Manijala wa depoti wapereka notisi mu Ogasiti. Malonda aakulu a chaka amayamba mu Okutobala pamene alimi akukonzekera mvula, choncho nthawi ndi yochepa.

Pali anthu awiri. Wam'kati ndi woyang'anira sitolo ya katundu, wagwira zaka 7, ali ndi dipuloma, ndipo amadziwa makalabu a alimi ndi ogulitsa ang'onoang'ono a m'madera ozungulira. Sanatsogolerepo anthu oposa atatu. Wakunja ali ndi digiri, wayendetsa depoti ya kampani ya zakumwa kwa zaka 10, amadziwa bwino kusunga mabuku a katundu pakompyuta, koma sanagulitsepo feteleza ndipo Kasungu amangodutsapo.

Choyamba kuchita, mayina asanatchulidwe, ndi kulemba zimene manijala watsopano ayenera kukhala atakwaniritsa pakutha kwa miyezi 12. Izi ndi zosiyana ndi mndandanda wa ntchito umene umakopedwa m'fayilo yakale chaka ndi chaka. Ziyenera kukhala zinthu zitatu kapena zinayi zooneka ndi maso: katundu wa m'buku agwirizane ndi wa m'sitolo, ngongole za ogulitsa ang'onoang'ono zitoleredwe isanathe nyengo, antchito asathawe pakati pa sizoni. Kenako chilichonse chipatsidwe kulemera kwake, zonse pamodzi zikwane 100.

Tinene kuti depoti ikuyenda bwino ndipo manijala wachoka mwamtendere. Komiti yapereka 30 pa kusamala katundu, 30 pa kutsogolera anthu, 25 pa kudziwa alimi ndi makasitomala, ndi 15 pa luso la kompyuta. Atawayesa, wam'kati wapeza 30 yonse pa katundu, 18 pa utsogoleri, 25 pa makasitomala, ndi 6 pa kompyuta, zonse pamodzi 79. Wakunja wapeza 24, 24, 10 ndi 15, zonse pamodzi 73. Wam'kati wapambana, ndipo pamene akuperewera, pa kompyuta, ndi pamene angaphunzitsidwe m'masabata ochepa. Pamene wakunja akuperewera, kudziwa alimi, sipaphunziridwa m'kalasi, ndipo sizoni ikhala itatha iye akufunsabe mayina a midzi.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi. Tinene kuti manijala wachoka chifukwa owerengera mabuku apeza kuti matumba a feteleza akhala akusowa kwa zaka ziwiri, ndipo kampani yaganiza zoika dongosolo latsopano la pakompyuta m'madepoti onse. Anthu ndi omwewo, koma mpando wasintha zimene ukusowa. Kutseka mipata yobera katundu kwapatsidwa 30, utsogoleri 30, kompyuta 30, ndipo kudziwa makasitomala kwatsala ndi 10. Wam'kati, ngakhale palibe umboni woti anabapo, anali woyang'anira sitolo pamene katundu ankasowa ndipo sanazindikire kapena sananene. Akupeza 12, 18, 12 ndi 10, zonse 52. Wakunja akupeza 24, 24, 30 ndi 4, zonse 82. Apa kukweza wam'kati kungakhale kupitiriza vuto.

Manambalawa sasankha okha. Ntchito yake ndi kukakamiza komiti kuti igwirizane pa zimene ikufuna isanakopeke ndi nkhope. Ndipo kulemera kwa chilichonse kulembedwe ndi kusayinidwa makalata ofunsira ntchito asanatsegulidwe. Mukaona wina akufuna kusintha kulemerako intavyu itatha, dziwani kuti ali kale ndi munthu wake.

Mtengo weniweni wa aliyense

Ndalama nazo ziwerengedwe moona mtima. Tinene kuti wam'kati angavomere K950,000 pamwezi, pamene wakunja sangabwere pochepera K1,150,000. Kusiyana ndi K200,000. Koma wolemba ntchito ku Malawi amaperekanso 10 peresenti ya penshoni ndi 1 peresenti ya msonkho wa TEVET, choncho kusiyana kwenikweni ndi pafupifupi K222,000 pamwezi, kapena K2,664,000 pachaka. Onjezani ndalama zolengezera m'nyuzipepala, zoyendera anthu obwera kuintavyu, ndi zosamutsira katundu wa wopambanayo. Onjezaninso zimene sizioneka m'buku: miyezi imene wakunja akhala akuphunzira, ndi mamanijala a madepoti ena amene akamva malipiro a mnzawo watsopano adzafuna kuti awo akwerenso.

Kumbali ya wam'kati, anthu amaiwala kuti kukweza munthu sikuthetsa mpata, kumangousunthira pansi. Woyang'anira sitolo akakwera, sitolo ifunika munthu. Kalaliki akalowa pamenepo, ukalaliki ufunika munthu. Pamapeto pake kampani ilembabe wina wakunja. Ubwino wake ndi wakuti akulowera pansi, pamene kulakwitsa kusankha sikuwononga zambiri, ndipo mpata umodzi wakweza anthu awiri kapena atatu. Koma ngati palibe woti angagwire sitolo pakati pa sizoni, zimenezo ziwerengedwe ngati mtengo wa kukweza wam'katiyo.

Kuwayesa pa muyeso umodzi

Vuto lalikulu poyerekeza anthu awiriwa ndi lakuti sitiwadziwa mofanana. Wam'kati timamudziwa yense: tsiku limene anachedwa, mkangano umene anachita ndi dalaivala, chaka chimene mabuku ake anasokonekera. Wakunja timangoona zimene wasankha kutionetsa, pepala lolembedwa bwino ndi suti ya tsiku la intavyu. Mwa njira imeneyi wakunja amaoneka wopanda banga, osati chifukwa alibe zolakwa, koma chifukwa zolakwa zake zinachitikira kumene ife kunalibe.

Pali njira zochepetsera kukondera kumeneku. Onse afunsidwe mafunso omwewo, ndi komiti yomweyo, ndipo aliyense wa m'komiti alembe mamalikisi ake payekha asanakambirane. Mafunso akhale a zimene munthu anachitadi. Kufunsa kuti "Mungatani wantchito akaba?" kumangopereka mpata kwa wodziwa kulankhula. Funsani kuti, "Tiuzeni nthawi imene munapeza kuti katundu wasowa. Munachita chiyani, ndipo zinatha bwanji?" Kenako apatseni ntchito yeniyeni: masamba awiri a buku la katundu okhala ndi zolakwika zobisika, ndi ola limodzi loti azipeze. Amene amangodziwa kulankhula amaonekera pamenepa.

Za wakunja, musakhutire ndi makalata omuyamikira amene wabwera nawo yekha. Mupempheni chilolezo kuti mulankhule ndi bwana amene ankamuyang'anira mwachindunji, ndipo mufunseni bwanayo funso limodzi losazemba: "Mpata utapezeka, mungamulembenso?" Akachedwa kuyankha, wayankha kale. Masatifiketi atsimikizidwe kusukulu kumene anachokera, chifukwa mapepala achinyengo si nkhani yachilendo. Kalata imene lamulo limati wosiya ntchito apatsidwe imangonena nthawi imene anagwira, mtundu wa ntchito ndi malipiro, sinena ngati anali wokhulupirika.

Za wam'kati, muli ndi chida chimene simungakhale nacho pa wakunja: kumugwirizitsa mpando. Mupatseni kalata yoti agwirizire udindowo kwa miyezi itatu, yotchula alawansi yake, zimene akuyembekezeka kuchita ndi tsiku lothera. Yang'anani ngati amagawira anzake ntchito kapena amangodzinyamulira zonse, ngati amatha kudzudzula mnzake wakale, ndiponso ngati amabweretsa nkhani zoipa kulikulu zisanakule. Chosayenera ndi kumusiya akugwirizira chaka chonse kapena kuposerapo, kenako n'kulemba wakunja n'kuuza wogwirizirayo kuti amuphunzitse ntchito. Palibe chimene chimawawitsa mtima wa wantchito kuposa chimenechi, ndipo anzake onse amakhala akuonerera.

Zimene malamulo amafuna

Ku Malawi, kampani yoyima payokha ili ndi ufulu wosankha njira, bola itsatire malamulo a dziko ndi amene inadzilembera yokha. Lamulo la Ntchito la 2000 limaletsa kusala munthu polemba ntchito kapena pokweza chifukwa cha mtundu wake, chilankhulo, chipembedzo, maganizo andale, ulumali, kapena chifukwa ndi mwamuna kapena mkazi. Choncho mawu onga akuti "mpando uwu sungathe mayi wa ana aang'ono" kapena "tikufuna wakwathu" akhoza kufikitsa kampani kukhoti la milandu ya pantchito. Ngati buku la malamulo a kampani kapena mgwirizano ndi yuniyoni umati mipata iyambe yalengezedwa m'kati, zimenezo zitsatidwe, ngakhale abwana ali kale ndi maganizo ena.

Lamulo lomwelo limalola nthawi yoyesedwa kwa wantchito waluso wolembedwa kumene, yosapitirira miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ingathetse mgwirizano popanda notisi. Ichi ndi chitetezo cha wolemba wakunja, koma chimagwira ntchito ngati nthawiyo yalembedwa m'kontirakiti ndipo wina akuunikadi ntchito ya munthuyo, osati kungodikira kuti miyezi ithe. Wokwezedwa ndi wosiyana, chifukwa ndi wantchito wokhazikika kale. Kalata yomukweza inene poyera kuti zikakanika abwerera pampando wake wakale, kapena wofanana nawo, ndi malipiro otani.

M'boma ndi m'mabungwe a boma muli zoonjezera. Maudindo amayenera kuperekedwa potengera kuyenera kwa munthu, kudzera m'makomishoni olemba ntchito monga ya ogwira ntchito m'boma, ya aphunzitsi ndi ya azaumoyo. Lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limati polemba ntchito m'boma, mbali imodzi isachepere 40 peresenti kapena kupitirira 60 peresenti. Ofesi ya Ombudsman yakhala ikufufuza ndi kulamula kuti maudindo ena m'mabungwe a boma athetsedwe chifukwa anaperekedwa mosatsatira ndondomeko. Kaya ndi wam'kati kaya wakunja, njira yolakwika ingagwetse chisankho ngakhale munthuyo atakhala woyenera.

Amene sanasankhidwe

Chisankho sichithera pa wopambana. JR Keller wa ku Cornell ndi Kathryn Dlugos anatsatira antchito masauzande a kampani ina yaikulu ya ku America amene anafunsira mipata ya m'kati n'kukanidwa, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Okanidwawo anali ndi mpata wosiya ntchito woposa wa anzawo pafupifupi kawiri. Koma amene anafika pokumana ndi bwana wolembayo pa intavyu sankachoka kwambiri ngati amene anangokanidwa pa pepala, ndipo amene anagonja kwa mnzawo wam'kati ankakhalabe kuposa amene anagonja kwa wakunja. Munthu akaona kuti anamuganizira, komanso kuti am'kati amakwera, amadikira mwayi wina. Akaona kuti mipando yabwino imapita kwa alendo, amayamba kuwerenga masamba a ntchito m'nyuzipepala.

Choncho ngati mwasankha wakunja, wam'kati amene wagonja amve kwa inu pamaso, asanamve kwa mlonda. Muuzeni chimene chinamuperewera, mwachindunji, ndi zimene kampani ichite kuti achipeze: maphunziro, ntchito yapadera yoti atsogolere, kapena depoti yaing'ono. Mawu akuti "nthawi yanu idzafika" opanda chotsatira amamveka ngati kumunyoza. Ndipo musaitane am'kati kuintavyu mutasankha kale munthu. Antchito amazindikira sewero lotere, ndipo ulendo wina safunsiranso.

Keller yemweyo anapezanso kuti ngakhale pokweza am'kati, mipata yolengezedwa poyera kuti aliyense afunsire imatulutsa anthu ochita bwino kuposa imene bwana amangoloza munthu amene akumudziwa. Bwana amadziwa anthu a pafupi naye, pamene woyenera akhoza kukhala kudepoti ya kutali.

Kuzindikira msanga ngati mwaphonya

Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba imaonetsa zambiri. Wam'kati amene udindo wamukulira amapitiriza kugwira ntchito yake yakale chifukwa ndi imene akuidziwa. Mumupeza akuwerenga matumba yekha usiku pamene malipoti a kulikulu akuchedwa, ndipo nkhani za chilango cha anzake amazikankhira kwa abwana akulu. Ameneyu nthawi zambiri amathandizika akapatsidwa manijala wodziwa woti azimulangiza, komanso mpando wake wakale ukapezeredwa munthu msanga.

Wakunja amene sakukhazikika amamveka ndi mawu akuti "kumene ndinali tinkachita chonchi" pamsonkhano uliwonse. Amasintha zinthu asanafunse chifukwa chake zinali choncho, amayamba kubweretsa anzake a kumene anachokera, ndipo antchito akale odalirika amayamba kupempha kusamutsidwa. Ameneyu akhoza kuwongoleredwa ngati mwamuuza msanga, koma ngati sakumva, nthawi yoyesedwa ija ndi yogwiritsa ntchito isanathe.

Pali chizindikiro china chimene chimaloza abodi eniake. Ngati mpando uliwonse waukulu ukatseguka mumapeza kuti m'kati mulibe woyenera, vuto si la antchito. Ndiye kuti palibe amene akukonzekeretsedwa: manijala akapita kutchuthi sasiyira wina mpando, maphunziro amapita kwa mabwana okhaokha, ndipo achinyamata aluso amachoka asanakhwime. Bungwe lililonse liyenera kutha kutchula, pa mpando uliwonse waukulu, munthu mmodzi amene angaugwire mawa ndi wina amene angaugwire pakatha zaka ziwiri.

Kwa inu amene muli ndi udindo wosankha, yambani ndi kulemba zimene mpando ukusowa, kenako yang'anani m'kati mwachilungamo ndi poyera. Wam'kati akakwanitsa zofunika zazikulu, ndipo zotsalazo zili zophunzitsika, mukwezeni, ngakhale wakunja ataoneka wowala pa pepala. Pitani kunja pamene mungathe kutchula, m'chiganizo chimodzi, chinthu chimene wakunja akubweretsa chomwe m'kati mulibe ndipo simungachipeze m'nthawi yake. Ngati chiganizo chimenecho chikukuvutani kulemba, simunapeze chifukwa cholipirira zambiri.